Lamulo la tcheni: momwe kusintha kumadutsira m'fankishoni ya zigawo zingapo

Tiyambe ndi y = (3x + 1)². Munthu amene wangophunzira kumene kuti derivetivu ya x² ndi 2x amathamangira kutsitsa pawa n'kulemba 2(3x + 1), yomwe ndi 6x + 2. Yankho limeneli ndi lolakwika, ndipo kuti tione kulakwika kwake sitikufunika lamulo lachilendo ayi. Tingomasula mabulaketiwo. (3x + 1)² ndi 9x² + 6x + 1, ndipo derivetivu yake ndi 18x + 6. Mukayerekeza mayankho awiriwa muona kuti lolondolalo ndi lalikulu katatu kuposa loyamba lija. Pali 3 amene wasowa. Ameneyu ndi 3 yemwe ali m'kati mwa mabulaketi, wochulukitsa x uja.

Chachitika n'chakuti (3x + 1)² si ntchito imodzi. Ndi ntchito ziwiri zotsatizana. Poyamba x amachulukitsidwa ndi 3 n'kuwonjezeredwa 1, kenako zimene zatulukazo zimachulukitsidwa ndi zokhazo. Wolemba 6x + 2 uja waona ntchito yachiwiri yokha, yoyambayo waidumpha. Lamulo la tcheni ndi limene limatiuza momwe tingawerengere ntchito zonse popanda kusiya ngakhale imodzi. Pa (3x + 1)² tikanatha kulizemba pomasula mabulaketi, koma pa (3x + 1)⁵⁰ kumasulako kungatenge tsamba lonse, ndipo pa sin(x²) kapena √(x² + 1) palibe chomasula n'komwe.

Derivetivu ngati nambala yochulukitsira

Ambiri anaphunzira derivetivu ngati kupendekeka kwa girafu pamalo ena ake. Zimenezo n'zoona, koma pa nkhani yathuyi pali kaonedwe kena kothandiza kwambiri. Derivetivu pamalo ena imatiuza kuti tikasuntha pang'ono nambala yolowa, yotulukayo isuntha kangati poyerekeza ndi kusuntha kwathuko. Ngati derivetivu ya fankishoni pa x = 2 ndi 4, ndiye kuti tikamuwonjezera x ka 0.01, yotuluka ikwera ndi pafupifupi 0.04. Tikamuwonjezera 0.001, ikwera ndi pafupifupi 0.004. Kusuntha kukamachepa, “pafupifupi” ameneyu amayandikira kwambiri choonadi. Choncho derivetivu ndi nambala imene fankishoni imachulukitsira kasinthidwe kakang'ono kalikonse kamene kailowa.

Tikamvetsa zimenezi, lamulo la tcheni limabwera lokha. Ganizirani magudumu atatu a mano olumana. Loyamba likazungulira kamodzi, lachiwiri limazungulira kanayi. Lachiwiri likazungulira kamodzi, lachitatu limazungulira katatu. Ndiye loyamba likazungulira kamodzi, lachitatu lizungulira kangati? Ka 12, chifukwa kuzungulira kulikonse mwa kunayi kwa gudumu lapakati kumabala kutatu. Sitiphatikiza 4 ndi 3, timachulukitsa. Kusiyana kwa magudumu ndi mafankishoni n'kumodzi, koma n'kwakukulu zedi. Magudumu amasunga muyeso womwewo nthawi zonse, pamene nambala yochulukitsira ya fankishoni imasintha kutengera nambala imene yalowa. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri, ndipo tikubwererako posachedwa.

Lamuloli limalembedwa m'njira ziwiri. Ngati y amadalira u, ndipo u amadalira x, ndiye kuti

dy/dx = (dy/du) × (du/dx)

Kalembedwe aka ndi ka Gottfried Leibniz, amene anagwiritsa kale ntchito ganizoli m'zolemba zake za mu 1676 pofuna derivetivu ya sikweya ruti ya a + bz + cz². Njira ina imagwiritsa ntchito kamzere ka pamwamba. Ngati y = f(g(x)), ndiye kuti

y′ = f′(g(x)) × g′(x)

Njira yoyamba ndi yosavuta kukumbukira. Koma ine ndimakonda kuti wophunzira aziyang'anitsitsa yachiwiriyi, chifukwa imaonetsa poyera chinthu chimene yoyamba imabisa. Yalemba f′(g(x)), osati f′(x). Derivetivu ya chigawo chakunja imawerengedwa pa nambala imene yalowa m'chigawo chimenecho, yomwe ndi g(x). Chigawo chakunja sichimamuona x. Chimangolandira zimene chigawo cham'kati chapereka.

Kuzindikira zigawo

Musanapeze derivetivu iliyonse, muyenera kudziwa kuti zigawo ndi zingati ndipo chakunja ndi chiti. Njira yodalirika ndi kudzifunsa kuti, “Nditapatsidwa nambala m'malo mwa x, pa kakyuleta ndingayambe ndi chiyani, nanga ndingamalize ndi chiyani?” Chimene mumayamba nacho ndi chigawo cham'katikati. Chimene mumamaliza nacho ndi chakunja.

Onani sin(x²) ndi (sin x)². Zipangizo zake ndi zomwezo, sayini ndi sikweya, koma zasanjidwa mosiyana. Pa sin(x²) mumayamba mwapeza sikweya ya x, kenako n'kudina sin. Sayini ndiye ali kunja, ndipo derivetivu ndi cos(x²) × 2x. Pa (sin x)² mumayamba ndi sin, n'kumalizira sikweya. Sikweya ndiye ali kunja, ndipo derivetivu ndi 2(sin x) × cos x. Mayankho awiriwa ndi osiyana kotheratu. Mabuku amakonda kulemba (sin x)² ngati sin²x, ndipo kalembedwe kameneka kamapusitsa maso, chifukwa 2 uja amaoneka ngati ali pakati pamene kwenikweni ali kunja kwa zonse. Mukakumana ndi sin²x, ilembeninso ndi mabulaketi musanachite china chilichonse.

Nanga x² sin x? Apa palibe chigawo chili m'kati mwa chinzake. Pa kakyuleta mungapeze x² payekha, sin x payekha, kenako n'kuchulukitsa ziwirizo. Ntchito yomaliza ndi kuchulukitsa zinthu ziwiri zimene zonse zikudalira x, choncho pakufunika lamulo lina, la derivetivu ya zochulukitsana. Funso la kakyuleta lija limakuuzaninso ngati lamulo la tcheni likufunika kapena ayi.

Chitsanzo cha zigawo zitatu

Tsopano titenge fankishoni iyi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto:

y = √((x² − 1)³ + 9)

Tikufuna derivetivu yake pa x = 2, kenako pa x aliyense.

Titapatsidwa x, tingayambe ndi kupeza sikweya yake n'kuchotsapo 1. Zotulukazo tizitche u. Kenako tingakweze u pa pawa 3 n'kuwonjezera 9. Zimenezo tizitche v. Pomaliza tingapeze sikweya ruti ya v, ndiye y wathu. Zigawo zathu ndi izi, kuchokera m'kati kupita kunja:

u = x² − 1
v = u³ + 9
y = √v

Tisanakhudze derivetivu, tiyambe tamuyendetsa 2 m'zigawo zonse kuti tione nambala imene ikulowa m'chigawo chilichonse. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, koma ndi imene imateteza ku zolakwika zambiri. M'chigawo choyamba mukulowa 2, mukutuluka 4 − 1, yomwe ndi 3. M'chigawo chachiwiri mukulowa 3, mukutuluka 27 + 9, yomwe ndi 36. M'chigawo chachitatu mukulowa 36, mukutuluka 6. Sungani manambala atatu olowawa, 2, 3 ndi 36, chifukwa chigawo chilichonse chiwerengedwa pa nambala yakeyake.

Derivetivu ya chigawo chilichonse pachokha ndi yapafupi. Ya x² − 1 ndi 2x, ndipo poti mukulowa 2, ikutipatsa 4. Ya u³ + 9 ndi 3u², ndipo poti mukulowa 3, ikutipatsa 27. Ya √v ndi 1/(2√v), ndipo poti mukulowa 36, ikutipatsa 1/12. Tikachulukitsa zitatuzi:

dy/dx = (1/12) × 27 × 4 = 108/12 = 9

Yankho ndi 9. Koma ndikufuna kuti tisangokhulupirira lamulo, tione ndi maso momwe 9 ameneyu akubadwira. Timusunthe x kuchoka pa 2 kufika pa 2.001 n'kutsatira kasinthidweko chigawo ndi chigawo.

Sikweya ya 2.001 ndi 4.004001, choncho u wachoka pa 3 kufika pa 3.004001. Tinasuntha x ndi 0.001, ndipo u wasuntha ndi pafupifupi 0.004. Ameneyu ndi 4 uja. Chigawo chachiwiri sichikudziwa kuti x anasuntha ndi 0.001. Chimene chalandira ndi kusuntha kwa 0.004 basi. Tikakweza 3.004001 pa pawa 3 tikupeza pafupifupi 27.10817, ndipo v wachoka pa 36 kufika pa 36.10817. Wasuntha ndi pafupifupi 0.108, yomwe ndi 27 × 0.004. Chigawo chachitatu chalandira kusuntha kwa 0.108. Sikweya ruti ya 36.10817 ndi pafupifupi 6.009007, kutanthauza kuti y wasuntha ndi pafupifupi 0.009, yomwe ndi 0.108 atagawidwa ndi 12.

Ulendo wonse ndi uwu: 0.001 anakhala 0.004, ameneyo anakhala 0.108, ameneyonso anakhala 0.009. Zigawo ziwiri zoyamba zinakulitsa kasinthidweko, chomaliza chinakachepetsa. Tikagawa 0.009007 ndi 0.001 tikupeza 9.007, pafupi kwambiri ndi 9. Tikadasuntha x ndi 0.01, y akadafika pa 6.09075, ndipo kugawako kukadatipatsa 9.075. Mukuona kuti kusuntha kukachepa kakhumi, kusiyana kwa zimene tapeza ndi 9 kukuchepanso pafupifupi kakhumi, kuchoka pa 0.075 kufika pa 0.007. Umo ndi momwe timadziwira kuti 9 ndiye limiti yeniyeni.

Kuti tipeze derivetivu pa x aliyense, timachita zomwezo popanda kuikamo manambala:

dy/dx = 1/(2√v) × 3u² × 2x

Kenako timabwezera u ndi v m'malo mwawo kuti zonse zikhale mwa x. 2 wapansi akufafanizana ndi 2 wa mu 2x, ndipo chotsala ndi

dy/dx = 3x(x² − 1)² / √((x² − 1)³ + 9)

Mukaikamo x = 2, pamwamba pakubwera 6 × 9, pansi pakubwera 6, ndipo yankho ndi 9 monga kale.

Munthu akazolowera salembanso u ndi v. Amayambira kunja, n'kupeza derivetivu ya sikweya ruti uku zam'kati atazikopera momwe zilili, kenako amalowa m'kati chigawo chimodzi n'kuchulukitsa, n'kulowanso china, mpaka atafika pa x weniweni. Njira imeneyi ndi yachangu ndipo ndi yabwino. Komabe amene akuyamba kumene ndi bwino azilemba zilembozo kufikira dzanja litazolowera, chifukwa zilembo zimamukakamiza kutchula chigawo chilichonse, ndipo chimene chatchulidwa sichiiwalika msanga.

Wina angafunse kuti, “Bwanji mwagawa patatu? Ine ndikuona zigawo zisanu: sikweya, kuchotsa 1, pawa 3, kuwonjezera 9 ndi sikweya ruti.” Akunena zoona, ndipo akhoza kugawa choncho. Derivetivu ya kuwonjezera kapena kuchotsa nambala yosasintha ndi 1, chifukwa ntchito imeneyo siikulitsa kapena kuchepetsa kasinthidwe. Ndiye adzangochulukitsa ndi 1 kawiri, yankho n'kukhala 9 yemweyo. Tikhozanso kugawa pawiri pokha. Tikamasula (x² − 1)³ + 9 tikupeza x⁶ − 3x⁴ + 3x² + 8, ndipo derivetivu yake ndi 6x⁵ − 12x³ + 6x. Pa x = 2 imeneyi ndi 192 − 96 + 12, yomwe ndi 108, ndendende 27 × 4 uja. Kagawidwe sikasintha yankho. Chofunika n'chakuti chigawo chilichonse chikhale chimene mukudziwa kale derivetivu yake.

Fomula ya zochulukitsanayi imanenanso zambiri pa girafu popanda kuijambula. Zinthu zochulukitsana zimabala 0 ngati chimodzi mwa izo ndi 0. Chigawo cham'kati chimapereka 0 pa x = 0, chifukwa 2x ndi 0 pamenepo. Chapakati chimapereka 0 pamene u ndi 0, kutanthauza pa x = 1 ndi pa x = −1. Chakunja sichipereka 0 paliponse. Choncho girafu yathu imagona mosapendekeka pamalo atatu okha, ndipo pa malo aliwonse titha kuloza chigawo chimene chaimitsa kasinthidwe. Pa x = 1, mwachitsanzo, u akusuntha bwinobwino, kawiri kuposa x, koma chigawo chapakati chikumeza kusunthako, moti kunja sikukufika kanthu.

Zimene zimalakwika, ndi momwe mungazigwirire

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuima musanafike m'kati mwenimweni. Wina amapeza 1/12 ndi 27, n'kuiwala 2x, ndipo amalemba 2.25. Cholakwika ichi chimachokera ku chizolowezi. Pa x³ kapena √x cham'kati ndi x yekha, derivetivu yake ndi 1, ndiye munthu amakhala nthawi yaitali akuchulukitsa ndi 1 osadziwa kuti akuchulukitsa. Tsiku limene cham'kati chasanduka x² − 1, dzanja limaima pamene linazolowera kuima.

Chachiwiri ndi chobisika kuposa choyamba, ndipo ndi chimene ndimachiona kuti n'chachikulu. Munthu amapeza maderivetivu onse atatu molondola, koma onse amawawerengera pa 2. Amalemba 2 × 2, kenako 3 × 2², kenako 1/(2√2), ndipo akachulukitsa akupeza pafupifupi 16.97. Masitepe ake akuoneka aukhondo, palibe chigawo chimene chaiwalika, koma yankho lataya njira. Sikweya ruti sinalandire 2, inalandira 36, ndipo pa 36 girafu ya sikweya ruti yagona kwambiri kuposa pa 2. Apa ndi pamene magudumu aja amasiyana ndi mafankishoni. Mu aljebura cholakwika chomwechi chimaoneka munthu akalemba derivetivu ya sin(x²) ngati cos x × 2x m'malo mwa cos(x²) × 2x.

Chachitatu ndi kusintha cham'kati pa nthawi imene mukugwira chakunja. Munthu amaona sin(x²), amasandutsa sin kukhala cos, n'kusandutsanso x² kukhala 2x pomwepo m'mabulaketimo, ndipo amalemba cos(2x). Derivetivu ya cham'kati siilowa m'mabulaketi. Imakhala kunja ngati chochulukitsira, ndipo za m'mabulaketi zimatsala momwe zinalili.

Zonsezi zimagwidwa ndi njira imodzi imene tagwiritsa kale ntchito. Sankhani x wosavuta, musunthe ndi 0.001, pezani y pamalo onse awiri, chotserani, gawani ndi 0.001. Ngati kakyuleta ikupereka 9.007 pamene fomula yanu ikupereka 2.25 kapena 16.97, fomulayo ili ndi vuto. Kukula kwa kusiyanako kumalozanso pamene pali vutolo. 9 ndi wamkulu kanayi kuposa 2.25, ndiye mumadzifunsa kuti ndi chigawo chiti chimene chimapereka 4. Posankha x woyesera pewani 0 ndi 1, chifukwa pamenepo mafomula olakwika ambiri amapereka yankho lofanana ndi lolondola mwangozi.

Poyesa mafankishoni a sayini ndi kosayini, onetsetsani kuti kakyuleta ili pa maradiyani. Ikakhala pa madigiri, yankho limatuluka laling'ono modabwitsa, ndipo chifukwa chake ndi lamulo la tcheni lomweli. Sayini wa madigiri x ndi sin(πx/180) m'maradiyani. Muli chigawo chobisika m'katimo chimene chikuchulukitsa x ndi π/180, ndipo derivetivu yake ndi π/180, pafupifupi 0.01745. Lamulo lakuti derivetivu ya sin x ndi cos x limagwira ntchito pa maradiyani okha.

Kodi du amangofafanizika?

Mukayang'ana (dy/du) × (du/dx), maso amafuna kufafaniza du wapansi ndi du wapamwamba ngati m'mafulakishoni. Monga chothandizira kukumbukira, zimenezo zili bwino. Koma si umboni, chifukwa dy/du si nambala yogawidwa ndi inzake. Ndi limiti ya kugawa koteroko. Chimene tingafafanize moona ndi masinthidwe enieni ang'onoang'ono, monga 0.004 ndi 0.108 aja, amene timawalemba ndi chizindikiro cha Δ:

Δy/Δx = (Δy/Δu) × (Δu/Δx)

Pamene Δx akuyandikira 0, Δu nayenso amayandikira 0, ndipo mbali ziwirizo zimayandikira maderivetivu awo. Ganizoli ndi lolondola pafupifupi paliponse, koma lili ndi kabowo kamodzi. Bwanji ngati Δu ndi 0 ndendende pamene Δx si 0? Pamenepo tagawa ndi 0. Zimenezi zimachitika ndithu. Fankishoni yam'kati ikakhala yosasintha, Δu amakhala 0 nthawi zonse. Palinso mafankishoni ngati x² sin(1/x), atapatsidwa 0 pa x = 0, amene amabwerera pa 0 kosawerengeka pamene x akuyandikira 0, moti ngakhale muyandikire bwanji mudzapezabe malo amene Δu ndi 0.

Umboni wokwanira umazemba kugawako. Umati kusintha kwa u ndi g′ kuchulukitsa Δx, kuphatikizapo kotsalira kamene kamachepa mofulumira kuposa Δx. Chimodzimodzi, kusintha kwa y ndi f′ kuchulukitsa Δu, kuphatikizapo kotsalira kena kotero. Mukalowetsa choyamba m'chachiwiri mukupeza f′ × g′ × Δx ndi tizotsalira timene timazimirira mukagawa ndi Δx n'kutenga limiti. Tizotsalira timeneti tatiwona kale m'chitsanzo chathu. u anasuntha ndi 0.004001, osati 0.004 ndendende, ndipo 0.000001 wotsalayo ndi sikweya ya 0.001. Ndi tizotsalira totere timene tinapangitsa kuti tipeze 9.007 m'malo mwa 9.

Pamene lamuloli limakhala chete

Lamulo la tcheni lili ndi chofunika chimodzi. Chigawo chilichonse chiyenera kukhala ndi derivetivu pa nambala imene yachilowa. M'chitsanzo chathu zimenezi zikukwaniritsidwa paliponse. Chigawo chokhacho chimene chikanavuta ndi sikweya ruti, chifukwa ilibe derivetivu pa 0 ndipo silandira manambala ochepera 0. Koma u sangatsike kuposa −1, ndiye u³ sangatsike kuposa −1, ndipo v sangatsike kuposa 8. Sikweya ruti ili patali ndi malo ake ovuta.

Tsopano tisinthe nambala imodzi yokha, 9 akhale 1:

y = √((x² − 1)³ + 1)

Pa x = 2 kapena malo ena aliwonse amene si 0, zonse zikuyenda ngati kale. Koma yendetsani x = 0 m'zigawo. u ndi −1, v ndi −1 + 1, yomwe ndi 0, ndipo sikweya ruti yalandira 0. Derivetivu ya chigawo cham'kati ndi 0, ya chapakati ndi 3, koma ya chakunja ikufuna 1/(2√0), imene kulibe. Apa munthu amakopeka kunena kuti poti chimodzi mwa zochulukitsana ndi 0, yankho ndi 0. Sizili choncho. Simungachulukitse 0 ndi nambala imene kulibe n'kunena kuti mwapeza yankho. Lamuloli silikunena kanthu pamalo amenewa, ndipo tiyenera kubwerera kukayesa tokha.

Tikamasula zam'kati tikupeza x⁶ − 3x⁴ + 3x². Pafupi ndi 0, x⁶ ndi x⁴ ndi tating'ono kwambiri poyerekeza ndi x², choncho v ndi pafupifupi 3x², ndipo y ndi pafupifupi √3 × |x|. Pa x = 0.01, y ndi pafupifupi 0.01732, ndipo tikagawa ndi 0.01 tikupeza 1.732. Pa x = −0.01, y ndi 0.01732 yemweyo, koma tikagawa ndi −0.01 tikupeza −1.732. Kuchokera kumanja kupendekeka kukuyandikira √3, kuchokera kumanzere kukuyandikira −√3. Girafu ili ndi nsonga yakuthwa pa 0, ndipo derivetivu palibe.

Koma musatenge kuti chigawo chimodzi chikasowa derivetivu ndiye kuti fankishoni yonse ilibe. Onani |x|². Chigawo cham'kati, |x|, chili ndi nsonga pa 0 ndipo chilibe derivetivu pamenepo. Komabe |x|² ndi x² yemweyo, ndipo derivetivu yake pa 0 ilipo, ndi 0. M'chitsanzo chapitachi chigawo cham'kati chinali chosalala, chakunja n'kubweretsa nsonga. M'chino cham'kati chili ndi nsonga, chakunja n'kuisalaza. Pa malo oterewa, pamene chigawo chimodzi chasowa derivetivu pa nambala imene yachilowa, yankho limapezeka pobwerera ku tanthauzo la limiti, n'kuyesa Δy/Δx kuchokera kumanja ndi kumanzere kuti muone ngati mbali ziwirizo zikukumana pa nambala imodzi.